Mayeso a Mwana Wovutika Kuona

Ndikamakonza mayeso a mwana wovutika kuona, sindikuza pepala pa fotokope. Kukuza A4 kufika A3 kumatalikitsa mizere, ndipo mwana amasochera pofuna mzere wotsatira. Ndimalembanso mafunso pa A4 pomwepo, m'zilembo za Arial zasayizi 18, zosapendekeka, funso lililonse pamodzi ndi malo ake oyankhira.

Masamu ndiwo amafuna maso. Ngati funso likuti mwana ayeze mzere wa masentimita 5 ndi rula, pepala lokuzidwa limaufikitsa pa masentimita 7, ndipo wolemba bwino amalakwa popanda chifukwa. Choncho mzerewo ndimaujambula wokhuthala koma wautali womwewo, kenako ndimauyeza ndekha pepala likasindikizidwa. Funso lisapepuke ayi. Chichoke ndi chotchinga chokha.