Kodi Thumba Lotsika Mtengo Ndilo Lopindulitsa?

Mvula ikamayandikira, alimi ambiri amafika pa sitolo ya feteleza ndalama zili zoŵerengeka m'manja, ndipo maso awo amathamangira thumba lotsika mtengo. Naŵa mafunso amene amamveka kaŵirikaŵiri pa nkhani imeneyi, pamodzi ndi mayankho ake.

FUNSO: Matumba onse aŵiri ndi a makilogalamu 50. Nanga mlimi alekerenji wotchipa?

YANKHO: Chimene chimanga chimafuna m'feteleza wobereketsa ndi chakudya chotchedwa naitirojeni. Nambala yolembedwa pa thumba imanena kuchuluka kwake. Yureya ali ndi magawo 46 pa 100 aliwonse, pamene salufeti ali ndi magawo 21 okha. Ndiye kuti thumba la yureya lili ndi makilogalamu 23 a chakudyachi, koma la salufeti lili ndi 10 ndi theka.

FUNSO: Kodi ndalama zake ziŵerengedwa motani?

YANKHO: Mtengo wa thumba ugaŵidwe ndi makilogalamu a naitirojeni. Mwa chitsanzo chongoyerekeza, salufeti akhale pa K63,000, yureya pa K115,000. Kilogalamu imodzi ya naitirojeni ituluka pa K6,000 m'salufeti, koma pa K5,000 m'yureya. Tsono thumba looneka lodulalo ndilo lotchipa. Ndiponso mlimi wa salufeti adzalipira ngolo kunyamula matumba aŵiri ndi kapadera, pamene mnzake wanyamula limodzi.

FUNSO: Ndiye kuti yureya apambana nthaŵi zonse?

YANKHO: Iyayi. Yureya akangomwazidwa pamwamba pa dothi dzuŵa lili phwee, gawo la mphamvu yake limathaŵira mu mpweya. Afunika kuthiridwa m'kadzenje pambali pa phando, dothi lili lonyowa, ndi kukwiriridwa. Mlimi wosachita zimenezi wataya phindu lija. Salufeti nayenso ali ndi ubwino wake, pakuti amapatsa mbewu salufa, ngakhale kuti akathiridwa zaka zambiri m'munda umodzi amawawasitsa dothi.

FUNSO: Kodi ilipo nthaŵi imene chotchipitsitsa ndicho choyenera?

YANKHO: Ilipo, ngati zinthuzo zili zofanana ndithu. Sitolo ziŵiri zikamagulitsa yureya wa magawo 46, matumba ali osindikizidwa bwino, ouma ndi okwana pa sikelo, kulipira zambiri n'kutaya ndalama chabe. Chofunika n'kuonjezerapo mtengo wa ulendo, poti sitolo yakutali ingathe kudya zonse zimene zapulumutsidwa.

FUNSO: Nanga thumba lotchipa modabwitsa lizindikirika bwanji kuti ndi lachinyengo?

YANKHO: Msoko wosokedwanso ndi manja ndi chenjezo loyamba. Feteleza woumbika ngati mwala adaloŵa chinyezi. Thumba liyesedwe pa sikelo ndalama zisanaperekedwe. Yureya weniweni amasungunuka yense m'kapu ya madzi. Mchenga ukatsala pansi, thumbalo lisiyidwe pomwepo. Pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.