Mainasi ya pa pawa siipangitsa yankho kukhala la mainasi

Mukapatsa ophunzira a ku sekondale funso la 8^(−2/3), kutanthauza 8 yokhala ndi pawa ya −2/3 pamwamba pake, mumalandira mayankho atatu kawirikawiri. Ena amalemba −4, ena −16/3, ndipo ena amapeza 1/4, lomwe ndilo yankho lolondola. Mafunso otere amapezeka m'masamu a MSCE, ndipo amene amalakwa kawirikawiri si aulesi ayi. Anangoloweza malamulo a mapawa osaona kumene akuchokera.

Tiyambe ndi mainasi. Pawa imatiuza kuti nambala ichulukitsidwe ndi iyo yomwe kangati: 2³ ndi 2 × 2 × 2, yomwe ndi 8. Tsopano tsikani pang'onopang'ono. 2² ndi 4, 2¹ ndi 2. Pawa ikatsika ndi 1, yankho likugawidwa ndi 2. Mukapitiriza, 2⁰ ndi 1, kenako 2⁻¹ ndi 1/2, 2⁻² ndi 1/4. Yankho likunka lichepa, koma silifika pa ziro, ndipo silingadutse n'kulowa ku mainasi. Choncho mainasi ya pa pawa imangoti tembenuzani nambalayo, ya pamwamba ipite pansi. Mwana amene watsika yekha makwerero amenewa ndi pensulo salembanso kuti 2⁻² ndi −4.

Nanga pawa ya fulakishoni? Lamulo limati pochulukitsa nambala zofanana timawonkhetsa mapawa. Ndiye 8^(1/3) × 8^(1/3) × 8^(1/3) ndi 8¹, popeza magawo atatuwo akupanga 1. Ndi nambala iti imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe katatu imapereka 8? Ndi 2. Apa mwaona kuti nambala ya pansi pa fulakishoni ikufunsa ruti, pamene ya pamwamba ndi pawa wamba.

Tibwerere ku 8^(−2/3), tichite chimodzichimodzi. Mainasi ikuti tembenuzani, ndiye tili ndi 1 pamwamba, 8^(2/3) pansi. 3 wa pansi akuti pezani kyubu ruti ya 8, yomwe ndi 2. 2 wa pamwamba akuti chulukitsani 2 ndi 2, mupeze 4. Yankho ndi 1/4. Amene analemba −4 anagwira bwino ntchito ya fulakishoni koma mainasi anangoinyamula n'kukaiika kutsogolo kwa yankho. Wa −16/3 uja anachulukitsa 8 ndi pawa yake, ngati kuti 2³ ndi 6.

Ine ndimalimbikitsa kuyamba ndi ruti, pawa pambuyo. Njira zonse ziwiri n'zololedwa, koma tayesani 81^(3/4). Mukayamba ndi pawa mukumana ndi 531441, n'kumafunafuna ruti yake m'chipinda cha mayeso nthawi ikutha. Mukayamba ndi ruti mupeza 3, chifukwa 3 × 3 × 3 × 3 ndi 81, kenako 3³ ndi 27 basi.

Vuto lalikulu limabwera pophatikiza malamulo, makamaka pogawa. Pa 2³ ÷ 2⁻⁵ timachotsera mapawa: 3 − (−5), yomwe ndi 8, ndipo yankho ndi 256. Ambiri amaona mainasi imodzi yokha, n'kulemba 3 − 5, n'kupeza 1/4. Pali njira yodzigwira nokha. 2⁻⁵ ndi 1/32, kanambala kakang'ono kwambiri, ndipo funso likuti tizidutswa totere tingakwane tingati mu 8. Tiyenera kukhala tambiri. Yankho likatuluka lochepera 8, dziwani kuti mainasi ina yatayika panjira.

Cholakwa china chimene chimandimvetsa chisoni, chifukwa chimadyera malikisi ngakhale ana anzeru, ndi cha 3x⁻². Pawa imagwira chokhacho chimene yakhalapo. Pano yakhala pa x, choncho x² yekha ndiye apite pansi, 3 atsale pamwamba: 3/x². Kuti 3 atsike nawo pafunika mabulaketi, (3x)⁻², ndipo pamenepo yankho ndi 1/(9x²). Mukakayika, ikani 1 m'malo mwa x. Yoyamba ipereka 3, yachiwiri 1/9.

Komanso malamulowa ndi a kuchulukitsa ndi kugawa, sagwira pa kuwonkhetsa. (9 + 16)^(1/2) ndi sikweya ruti ya 25, yomwe ndi 5, osati 3 + 4.

Ngakhale kalikuleta imafuna mabulaketi. Mukalemba zonse pa mzere umodzi motere `8^-2/3`, makinawo apeza 8⁻² kaye, kenako agawe ndi 3, n'kukupatsani pafupifupi 0.0052. Lembani `8^(-2/3)` ndipo muona 0.25.