Mizere isanu ndi umodzi ya adokotala, kapepala ka wodwala mphumu

Dokotala wotanganidwa akapemphedwa kuti alembe malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka inhela, kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu m'kamwa, nthawi zambiri amalemba ali chiimire. Tiyerekeze kuti wapatsa namwino kapepala ka mizere isanu ndi umodzi: kukhutchumula, kupopera kawiri pakafunika, kugwira mpweya, ana agwiritse ntchito sipesa, kuchukucha m'kamwa, zikavuta, kuchipatala. Palibe mzere wabodza pamenepa. Koma mayi amene walandira inhela koyamba akapita nako kwawo kapepala kameneka, mankhwala ambiri athera pa lilime, osafika m'mapapo. Dokotala walemba zokumbutsa munthu wodziwa kale, pamene kapepala ka malangizo ndi ka munthu amene akubanika usiku, wachipatala ali kutali.

Choncho wokonza kapepala asayambe ndi kusalaza mawu. Atenge inhela, aipereke kwa dokotalayo, amupemphe kuti asonyeze mmene amachitira, iye n'kumalemba chilichonse chimene manja ndi pakamwa zikuchita. Apa m'pamene zimaonekera zimene zinatsala m'mutu mwa dokotala. Asanakhutchumule wachotsa chivindikiro n'kusuzumira ngati mkati mwalowa zinyalala. Inhela waigwira choimika, kukamwa kwake kuli pansi. Wakhala tsonga. Ndipo chachikulu, asanaike inhela m'kamwa watulutsa kaye mpweya m'chifuwa. Zonsezi pa mizere ija panalibe.

Mzere wa "kupopera kawiri" ndi umene umasocheretsa anthu kwambiri. Wowerenga amangodina kawiri motsatizana, tswii tswii, n'kukoka mpweya kamodzi, ndipo mankhwala ambiri amawonongeka. M'kapepala mzere umodzi umenewu uyenera kutambasulidwa motere: "Tsekani milomo mozungulira kukamwa kwa inhela. Yambani kukoka mpweya pang'onopang'ono kudzera m'kamwa. Mukangoyamba kukoka, dinani kamodzi, ndipo pitirizani kukoka mpaka chifuwa chidzaze. Chotsani inhela, tsekani pakamwa, gwirani mpweya mpaka muwerenge kufika pa 10, kapena mpaka pamene mungathe. Dikirani pafupifupi mphindi imodzi, khutchumulaninso, mubwereze." Chiganizo chilichonse chanyamula chochita chimodzi, ndipo zikutsatana monga mmene thupi lichitira. Mawu akuti "kapena mpaka pamene mungathe" asachotsedwe pofuna kufupikitsa, chifukwa munthu wobanika sangafike pa 10, ndipo akalephera angaganize kuti walakwitsa n'kupoperanso mosafunika.

Ndi bwinonso kuuza wodwala mmene angadziwire kuti china chalakwika. Akaona kautsi kakutuluka m'kamwa kapena m'mphuno atangodina, ndiye kuti kudina ndi kukoka sizinayendere limodzi, kapena milomo sinatseke bwino. Chiganizo chimodzi chimenechi chimapatsa munthu njira yodzikonzera yekha ali kunyumba.

Pali mizere ina imene wokonza kapepala sayenera kuimasulira yekha, ngakhale atakhala wodziwa kulemba chotani. "Pakafunika" ndi umodzi mwa iyo. Pakafunika liti, ndipo inhela iti? Ya salibutamo, imene kawirikawiri imakhala yabuluu, imatsegula njira za mpweya m'mphindi zochepa, ndipo ndi yogwiritsa ntchito munthu akabanika, chifuwa chikamalira kapena chikathina. Ya bekilometazoni, imene nthawi zambiri imakhala yabulawuni, imachepetsa kutupa kwa njira za mpweya pang'onopang'ono. Imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku, ngakhale munthu akupeza bwino, ndipo sithandiza pa nthawi yobanika. Dokotala anasakaniza ziwirizi pa kapepala kamodzi osadziwa: "pakafunika" akunena yabuluu, pamene "kuchukucha m'kamwa" akunena yabulawuni, imene ikatsalira m'kamwa imayambitsa tizilonda toyera ndi kusasa mawu. Wolemba abwerere kwa dokotala akafunse, kenako agawe kapepala pawiri, inhela iliyonse ndi gawo lake. Dzina la mankhwala lilembedwe pambali pa mtundu wake, monga mmene lalembedwera pa inhelayo, poti makampani ena amasintha mitundu. Alembenso kuti madzi ochukuchira alavulidwe, asamezedwe.

Mzere wa sipesa uli ndi vuto lina: ukutchula chinthu chimene makolo ambiri sanachionepo. Sipesa ndi chibotolo chimene chimaikidwa pakati pa inhela ndi kamwa, kuti mankhwala aime m'menemo kanthawi, mwana n'kuwakoka popanda kulimbana ndi kudina pa nthawi yake. Za m'sitolo sizipezeka paliponse, koma mu 1999 Heather Zar ndi anzake a ku Cape Town anasonyeza kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500 limagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi sipesa yogula. Amaboola kunsi kwa botolo bowo lokwana ndendende kukamwa kwa inhela, mwana n'kumapumira kukamwa kwa botolo. Kapepala kanene kuti adine kamodzi kokha, mwana apume kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, kenako adinenso. Pano chithunzi chimaposa mawu, makamaka chosonyeza mbali imene inhela ikulowera. Mwana wamng'ono amene sangatseke milomo pa botolo amafuna sipesa yokhala ndi chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo izi azione ndi wachipatala.

Mzere womaliza, "zikavuta, kuchipatala", ine ndimauona kuti ndi woopsa kuposa yonse, chifukwa umasiyira banja kuweruza lokha kuti kuvuta ndi kuti. Ena amadikira kuti kuche. Kapepala katchule zizindikiro zooneka ndi maso: munthu akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, milomo kapena lilime zasintha mtundu n'kutuwa, mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, kapena wapopera yabuluu koma sizikusintha. Pamenepo anyamuke nthawi yomweyo, inhela ili m'manja. Kuchuluka kwa kupopera ali m'njira alembe ndi dokotala, osati wokonza kapepala. Gawo limeneli liikidwe m'bokosi, pamalo oonekera msanga, osati kumapeto m'tizilembo ting'onoting'ono.

Kapepala kakatha, kayesedwe pa anthu enieni. Kufunsa kuti "Mwamva, amayi?" sikuthandiza, poti mwaulemu aliyense amayankha kuti eya. M'malo mwake wodwala apatsidwe kapepala ndi inhela yopanda mankhwala, n'kumuuza kuti, "Tandionetsani mmene mukachitire kunyumba." Wolemba akhale chete, angopenya. Anthu atatu akapunthwa pa malo amodzimodzi, cholakwika ndi chiganizocho, osati anthuwo. Wina awerengere mokweza munthu wosadziwa kuwerenga, popeza m'mabanja ambiri kapepala kadzawerengedwa ndi mwana wasukulu, agogo akumvetsera.

Pa kuyesa kotereku pamatuluka mafunso amene dokotala sanawaganizire. Lofala ndi lakuti munthu adziwa bwanji kuti inhela yatha, poti imapitiriza kutulutsa kautsi ngakhale mankhwala atatha, ndipo kuiyandamitsa m'madzi si njira yodalirika. Yankho lake ndi kuwerengera. Inhela yolembedwa kuti imapopera ka 200, munthu akamadina kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, imatha pa masiku 50. Choncho kapepala kasiye mpata wolembapo tsiku loyambira ndi tsiku lokatenga ina. Zosintha zonsezi zikalowa, kapepala kabwerere kwa dokotala kuti awerenge mzere ndi mzere, atsimikize milingo ya mankhwala, ndipo pansi pake palembedwe tsiku limene kaunikidwa, kuti malangizo akadzasintha akale adzachotsedwe.