Musadikire Kuti Khosi Liume

Dzina lakuti "matenda oumitsa khosi" limanena zoona, koma lasocheretsa mabanja ambiri. Anthu amaganiza kuti malinga mutu ukutembenuka, zinthu sizinaipe, pamene nthendayo yalowa kale m'kati.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 7 amene wadzuka thupi lili moto, mutu ukumuwawa koopsa. Mayi ake akuti ndi malungo, ndipo palibe angawadzudzule, chifukwa matenda awiriwa amayamba mofanana. Amupatsa panado. Masana mwana wasanza kawiri, ndipo wafunda chitenje kumaso ati kuwala kukumulasa m'maso. Pofika madzulo akungosinza, akafunsidwa akuyankha zina. Agogo ake atamunyamula mutu kuti amumwetse phala, mwana walira mokuwa, mapewa n'kudzukira limodzi ndi mutu ngati thabwa.

Chachitika n'chiyani m'khosimo? Ubongo, pamodzi ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana, zinakutidwa ndi nembanemba zitatu, ndipo pakati pake pamayenda madzi oyera ngati a pa mjigo. Mabakiteriya monga nyumokokasi ndi meningokokasi amakhala kukhosi ndi m'mphuno mwa anthu ambiri osawadwalitsa, ndipo timapatsirana potsokomola kapena poyetsemula. Nthawi zina amalowa m'magazi n'kukafika m'madzi aja, momwe chitetezo cha thupi n'chochepa, choncho amaswana msanga. Nembanemba zimatupa, madzi aja n'kuyamba kuchita mafinya.

Tsono munthu akaweramitsa mutu kuti chibwano chigunde pachifuwa, nembanemba zija zimakokeka kuyambira kumutu mpaka kumsana. Zikakhala zotupa, kukokekako kumapweteka kwambiri, ndipo minofu ya kumbuyo kwa khosi imadzikunga yokha pofuna kuziteteza, monga mmene dzanja limathawira lokha likagunda mbaula. Khosilo palokha silinavulale. N'chifukwa chake kulisisita, kulithowa kapena kutemera mphini sikuthandiza. N'chifukwa chakenso wodwalayo atha kumayang'ana kumanja ndi kumanzere bwinobwino, koma kuwerama n'kumene kumakanika. Khosi la munthu amene anangogona moipa limawawa potembenuka, ndipo mwiniwake satentha thupi kapena kusokonekera mutu.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi makanda. Mwa iwo khosi nthawi zambiri siliuma n'komwe. Khanda limakana bere, limalira mosatonthozeka makamaka likanyamulidwa, kapena limangolefuka. Thupi litha kutentha kapena kuzizira, ndipo liwombo litha kutukuka n'kulimba. Liwombo lotere si lopaka mankhwala achikuda, ndi lothamangira nalo kuchipatala. Okalamba ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika nawonso atha kudwala khosi lili lofewa. Kukomoka kapena kugwedezeka thupi ndi chizindikiro china. Ndiye pali timadontho tofiirira tosazimirira mukatidinikiza ndi tambula yagalasi. Pa khungu lakuda sitioneka msanga, choncho yang'anani m'zikhatho, kuphazi ndi m'kati mwa zikope.

Changu n'chofunika chifukwa chigaza sichifutukuka. Ubongo ukatupa umasowa kopita, umapanikizika, magazi n'kulephera kufika bwino, ndipo munthu atha kumwalira pasanathe maola 24. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati mwa odwala 6 alionse mmodzi amamwalira, ndipo mwa 5 mmodzi amatsala ndi vuto lalikulu monga kugontha, khunyu kapena kuvutika kuphunzira. Mtsikana wathu uja sayenera kudikira kuti kuche. Ngakhale atamuyeza n'kumupeza ndi malungo, mwana atha kukhala ndi matenda onse awiri, choncho mayi ake auze adokotala momveka za khosi, kuwala ndi kusokonekera kuja.

Kuchipatala amabaya mankhwala amphamvu a mumtsempha monga sefitiriyakisoni, kwa masiku angapo mpaka milungu iwiri kapena kuposerapo. Makapisozi ogula pagolosale safika mokwanira m'madzi a ubongo, ndipo amasokoneza zotsatira za kuyeza. Kuyezako n'kumene ambiri amakuopa: kuchotsa madzi a pamsana. Mumamva anthu akuti "anamuchotsa madzi, basi anapita". Zoona zake n'zakuti ambiri otero amafika matenda atakula kale. Singano imalowa m'munsi, cha m'chiuno, pamene mtsempha waukulu uja unathera kale, ndipo madzi ochepa amene amatengedwa thupi limawabwezeretsa m'maola ochepa. Madziwo ndi amene amaonetsa ngati vuto ndi mabakiteriya, mavairasi, kapena nthenda ya kiriputokokasi imene imabwera pang'onopang'ono mwa anthu amene kachilombo koyambitsa Edzi kawafooketsa. Chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chakechake.

Ku Malawi katemera wa nyumokokasi anayamba mu 2011, ndipo mwana amamulandira kusikelo ali ndi milungu 6, 10 ndi 14. Amateteza ku mitundu yambiri ya kachilomboka koma osati yonse, kotero mwana wobayitsa akatemera onse akaonetsa zizindikiro zija, apite naye kuchipatala usiku womwewo.