Chimbale chachitsulo, chipika cha mtengo ndi lamulo la mizere itatu

Pa benchi ya wowotcherera zitsulo pali chimbale chobulungira chachitsulo, cha masentimita 40 m'mimba mwake, chokhuthala mamilimita 2 okha, cholemera pafupifupi makilogalamu 2. Chimbalechi chingazunguliridwe m'njira ziwiri. Munthu angalowetse mtanda pakati pake n'kuchizunguza ngati gudumu, kapena angachiimike n'kuchizunguza mmene ana amazunguzira ndalama yachitsulo patebulo. Chitsulo ndi chomwecho, kulemera n'komweko, koma njira yachiwiriyi ndiyopepukirapo: kuti chimbale chitenge liwiro lofanana m'nthawi yofanana, pamafunika theka lokha la mphamvu yopotola.

Theka limeneli si longoyerekeza. Limachokera ku lamulo lina lalifupi la fizikisi, lokhudza mizere itatu yopingasana pa ngodya ya madigiri 90.

Chinthu chilichonse chimachita liuma ukafuna kuchizunguza, ndipo akatswiri amatcha liumali momenti ya inesha, n'kulilemba ndi chilembo I. Kukula kwake sikudalira kulemera kokha ayi. Kumadaliranso kutalika kwa kachidutswa kalikonse kuchokera ku mzere umene chinthucho chikuzungulirapo. Powerengera, kulemera kwa kachidutswa amakuchulukitsa ndi mtundawo kawiri, ndiye kuti m × r², kenako amaphatikiza tizidutswa tonse. N'chifukwa chake kachitsulo kakatalikira kawiri kuchokera ku mzere, liuma lake limakula kanayi.

Tsopano chimbale chija chigonekedwe patebulo. Pamwamba pake pajambulidwe mizere iwiri, x ndi y, yodutsana pa ngodya ya madigiri 90. Pamene yakumaniranapo paimikidwe mzere wachitatu, z, woboola chimbale n'kuloza kumwamba. Lamulo likuti liuma la pa mzere woimawo ndi lofanana ndi kuphatikiza kwa liuma la pa mizere iwiri yogonayo:

Iz = Ix + Iy

Gwero lake ndi masamu a Pythagoras omwe ana amaphunzira ku sekondale. Kachidutswa kalikonse ka pachimbale kali pa mtunda x kuchokera ku mzere wina wogona, ndi pa mtunda y kuchokera ku unzake. Mtunda wake kuchokera ku mzere woima ndi r, ndipo r² = x² + y². Zimenezi zikakhala zoona pa kachidutswa kamodzi, zikhalanso zoona pa tizidutswa tonse tikaphatikizidwa. Umboni wonse wathera pomwepa.

Pa chimbale chobulungira, liuma la pa mzere woima ndi losavuta kupeza: Iz = ½MR², pamene M ndi kulemera ndipo R ndi mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete. Chimbale cha pabenchi chija chili ndi R wa mamita 0.2, choncho Iz = ½ × 2 × 0.04 = 0.04 kg·m². Kupeza liuma la pa mzere wogona mwachindunji kumafuna masamu ovutirapo, koma lamulo limadula njira. Chimbale chobulungira chimaoneka chimodzimodzi mbali iliyonse, motero Ix ndi Iy ndi ofanana, ndipo aliyense ndi theka la 0.04, yomwe ndi 0.02 kg·m². Theka lija ndi limeneli.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa, chifukwa amaloweza "gawa pawiri" m'malo mwa lamulo lenileni. Kugawa pawiri kumatheka pokhapokha Ix ndi Iy ali ofanana. Pa lata lathyathyathya lamakona anayi, lotalika kuposa mulifupi mwake, lamulo limagwirabe ntchito bwinobwino, koma magawo awiriwo ndi osiyana: limodzi ndi Ma²/12, linalo Mb²/12, ndipo onse pamodzi amapereka M(a² + b²)/12.

Pali zinthu zina zimene anthu amaganiza kuti lamulo limafuna pomwe silifuna. Mizere siyenera kukumana pakati pa chimbale. Ikhoza kukumana pangodya, ngakhale kunja kwa chimbalecho, bola yonse itatu ikumane pamalo amodzi ndipo iwiriyo igone pamulingo wa chimbale. Chimbale chikhoza kukhala ndi mabowo, kapena kukhala cholemera mbali imodzi. Chimene lamulo silingalolere ndi chimodzi: chinthucho chiyenera kukhala chathyathyathya.

Muumboni uja munabisala mfundo yakuti kachidutswa kalikonse kagona pamulingo umodzi ndi mizere x ndi y. Kachidutswa kakakwera pamwamba kapena kutsika pansi ndi mtunda z, mtunda wake kuchokera ku mzere woima susintha, koma kamatalikirana ndi mizere yogona yonse iwiri. Zikatero Ix + Iy amaposa Iz, ndipo wogwiritsa ntchito lamuloli amapeza yankho lochepa kuposa lenileni.

Chipika cha mtengo chikusonyeza kukula kwa vutoli. Chikhale chobulungira ngati chimbale chija, masentimita 40 m'mimba mwake, koma chotalika masentimita 40, cholemera makilogalamu 30. Pa mzere wodutsa mumtima mwake, Iz = ½ × 30 × 0.04 = 0.6 kg·m². Wothamangira kugawa pawiri anganene kuti kuchigubuduza mutu pansi miyendo m'mwamba, pa mzere wogona wodutsa pakati, kukumana ndi liuma la 0.3. Yankho loona lili ndi gawo lina lochokera ku msinkhu h wa chipikacho:

Ix = ¼MR² + Mh²/12

Gawo loyamba ndi 0.3 uja. Lachiwiri ndi 30 × 0.16 ÷ 12 = 0.4. Zonse pamodzi ndi 0.7 kg·m², kuposa kawiri yankho la lamulo. Gawo loiwalikalo ndi lalikulu kuposa lowerengedwa.

Mpira wolimba mkati monse umaonetsa vutoli popanda kuwerengera kwambiri. Mizere yonse yodutsa pakati pake ili ndi liuma lofanana, ⅖MR². Lamulo likanakhala loona pamenepo, nambala ikanafanana ndi kawiri ka iyo yomwe, zomwe n'zosatheka.

Nanga palibe chimbale chopanda kukhuthala, ndiye malire ali pati? Pa chimbale chobulungira, gawo lotayikalo poliyerekeza ndi yankho la lamulo ndi h²/(3R²). Pa chimbale cha mamilimita 2 chija, limeneli silifika ngakhale gawo limodzi pa magawo 10,000. Palibe wa pamalo owotcherera angalizindikire. Kukhuthala kukafika gawo limodzi mwa magawo khumi a m'mimba mwa chimbale, cholakwa chimangopitirira pang'ono 1 peresenti. Kukafika kotala ya m'mimba, chimakhala pafupifupi 8 peresenti, ndipo pamenepo mmisiri wosamala amasiya njira yachidule.

Msampha wobisika kwambiri uli pa zinthu zopyapyala koma zopindika. Mgolo, paipi, beseni ndi chikombe cha setilaiti zimapangidwa ndi chitsulo chopyapyala, ndipo diso limafulumira kuziika m'gulu la mbale. Koma choyenera kuyeza si kupyapyala kwa chitsulo. Ndi kutalika kumene chitsulocho chachoka pamulingo wa mizere iwiri ija. Mkombero wopyapyala wa gudumu la njinga umamvera lamulo: uli ndi MR² pa mzere woima, ndi theka lake pa mzere wogona. Mkombero womwewo ukatalikitsidwa n'kukhala paipi, gawo la Mh²/12 limabweranso, ndipo pa paipi yaitali ndi limene limalamulira yankho lonse.

Pali kayezedwe kamodzi kothandiza aliyense wowerengera zimenezi. Pa chinthu cha maonekedwe alionse, mizere itatu yopingasana ikakumana pamalo amodzi, Ix + Iy sangachepere Iz. Amafanana naye pa chinthu chathyathyathya, ndipo amamuposa pa china chilichonse. Pa chipika chija, 0.7 kuphatikiza 0.7 ndi 1.4, kuposa 0.6 patali. Wina akapeza kuti awiriwo pamodzi achepera wachitatu, asakaikire chitsulo kapena mtengo: walakwitsa penapake powerengera, ndipo ayenera kubwerera kukaona mitunda imene anagwiritsa ntchito.