Kalata yothokoza wantchito amene wapyola mlingo

Chaka chikamatha, m'makampani ambiri mumakhala kaphwando: mpunga wa nkhuku, zakumwa, zoyankhula za bwana, kenako kuitana mayina a amene achita bwino. Woitanidwayo amalandira envulopu anzake akuomba m'manja. Akaitsegula amapeza mizere itatu yomuthokoza chifukwa cha khama ndi kudzipereka, ndi kumulimbikitsa kuti apitirize. Mutafufuta dzina lake n'kulembapo la mlonda, la dalaivala kapena la wowerengera ndalama, palibe liwu lina limene lingafunike kusintha. Kalata yotere imauza wantchito chinthu chimodzi chokha: bwana wamva kuti wachita bwino, koma sakudziwa kuti wachita chiyani.

Kalata yabwino imayankha mafunso atatu. Mlingo unali wotani ndipo munthuyu wafika pati? Anachita chiyani kuti afikepo? Nanga zimenezo zathandiza yani, m'njira yanji? Mafunsowa amaoneka apafupi, koma kuti bwana awayankhe ayenera kutsegula mabuku, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa katundu pa depoti ya sopo. Dzina lake tingoti Mayi Uje, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza. Anapatsidwa tageti ya makatoni 1,000 pamwezi, kutanthauza 3,000 pa miyezi itatu. Iye wagulitsa 3,600. Kalata yake ingakhale motere:

"Okondedwa Mayi Uje, kuyambira Julayi mpaka Seputembala munayenera kugulitsa makatoni 3,000 a sopo, koma mwagulitsa 3,600. Mwapyola mlingo ndi makatoni 600, omwe ndi 20 pa 100 alionse. Taona kuti izi sizinangochitika. Munasintha ulendo wa galimoto kuti izifika m'misika tsiku lisanafike la msika, eni magolosale akadali ndi malo m'mashelefu, ndipo mwapeza magolosale atsopano 24 kuwonjezera pa 80 amene munali nawo. Munatsatiranso ngongole zimene zinapitirira masiku 30, moti zatsika kuchoka pa K9 miliyoni kufika pa K3 miliyoni. Ndalama zimenezi ndi zimene zatithandiza kulipira fakitale pa nthawi yake osakongola kubanki, ndipo ulendo munakonza uja tayamba kuugwiritsa ntchito pa magalimoto enanso awiri. Pothokoza, kampani ikupatsani bonasi ya K300,000 pamodzi ndi malipiro a Okutobala, ndipo msonkho udzachotsedwa pa ndalamazi. Kalata ina yofanana ndi iyi yaikidwa mu fayilo yanu. Zikomo kwambiri, mayi."

Pansi pake pabwere dzina, udindo ndi siginecha ya bwana, ndipo pamwamba pakhale deti. Yonseyo ikwane tsamba limodzi.

M'kalatayi mulibe mawu oti wakhama, wanzeru kapena wodalirika, komabe woiwerenga aliyense aona yekha kuti mayiyu ndi wotero. Chiganizo chimene chili ndi mphamvu kuposa zonse si cha makatoni 600 chija ayi, koma chonena za kulipira fakitale osakongola kubanki. Wogulitsa amadziwa kale kuchuluka kwa makatoni amene wagulitsa, poti amawerenga yekha tsiku ndi tsiku. Chimene sachiona ali pamsewu ndi kumene ndalama zakezo zinakathera zitalowa mu ofesi. Bwana yekha ndiye angamuuze zimenezo. Chiganizo chonena za ulendo wa galimoto chilinso ndi ntchito yake: chimauza wantchito kuti mwa zonse wakhala akuchita, ndi chiti chimene ayenera kubwereza, ndipo anzake akamva amadziwa chotengera.

Nambala isanalowe m'kalata iyenera kufufuzidwa, makamaka ngati mlingo unaikidwa m'makwacha. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko la Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mitengo ya katundu inakwera motsatira. Pa nthawi ngati imeneyo wogulitsa akhoza kupyola mlingo wa ndalama pamene katundu amene watulutsa wachepa. Tinene kuti tageti inali K50 miliyoni ndipo iye wabweretsa K60 miliyoni. Papepala wapyola ndi 20 pa 100. Koma ngati mitengo inakwera ndi 30 pa 100 tagetiyo itaikidwa kale, katundu wa K60 miliyoni uja pa mitengo yakale ndi wa K46 miliyoni basi, ndiye kuti sanafike n'komwe. N'chifukwa chake kalata ya Mayi Uje ikuwerenga makatoni, osati makwacha. Bwana amene wayamika kukwera kwa mitengo ngati kuti ndi luso la munthu amasekedwa ndi a kusitolo, amene amaona ndi maso katundu amene akutuluka.

Chachiwiri choyenera kufufuza ndi njira imene munthu wadzera. Ku America mu 2016 banki ya Wells Fargo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni zitadziwika kuti antchito ake, pothamangitsana ndi mlingo umene anapatsidwa, ankatsegulira makasitomala maakaunti eni ake osadziwa. Maakaunti ndi makadi otere anali pafupifupi 2 miliyoni, ndipo antchito oposa 5,000 anachotsedwa ntchito. Pa mabuku a mlingo, maakaunti abodzawo ankaoneka ngati ntchito yabwino. Pa depoti ya sopo chinyengo chake n'chaching'ono koma mtundu wake ndi womwewo: sabata yomaliza ya mwezi wogulitsa amakakamiza eni magolosale kutenga katundu pangongole kuti nambala ikwane, kenako mwezi wotsatira katunduyo amabwezedwa kapena ngongole imangokhala. Kuzindikira kwake sikovuta. Bwana aone ngati malonda anachuluka modabwitsa masiku omaliza a mwezi, aone katundu wobwezedwa, aonenso ngati ngongole zakwera limodzi ndi malonda. Mwa Mayi Uje malonda anakwera ngongole zikutsika, ndipo umenewo ndiwo umboni wakuti makatoni 600 aja ndi enieni.

Kufufuza kumeneku kumatenga masiku, komabe kalata isachedwe. Mabuku a miyezi itatu akatsekedwa, itulukiretu m'masabata awiri kapena atatu, munthu akukumbukirabe thukuta lake. Kuisunga kudikira phwando la Disembala n'kuiziziritsa.

Pali vuto lina limene limabuka kalata ikatuluka: anzake. Makatoni 3,600 sanadzikweze okha m'galimoto. Pali dalaivala amene ankalawirira, pali wa kusitolo amene ankatsala madzulo kulongedza. Ngati kalata ipatsa munthu mmodzi ntchito imene onse akudziwa kuti inagwiridwa ndi anthu anayi, mwezi wotsatira galimoto iyamba kuchedwa popanda wodziwa chifukwa. Njira yake si kuchepetsa matamando a Mayi Uje, koma kulemba zokhazo zimene anachita iye mwini, ndi kuwalembera enawo zawo ngati anachitadi zoposa ntchito yawo. Kalata isayerekezenso munthu ndi anzake. Kunena kuti wagulitsa kuposa ena onse kumamusandutsa mdani wa anthu amene amadya nawo nkhomaliro. Mlingo wake ndi wokwanira kumuyerekeza nawo. Ndipo asanaiwerenge pagulu kapena kuimata pabolodi, bwana amufunse mwini wake, chifukwa si onse amene amakonda kuti ofesi yonse idziwe za bonasi yawo.

Kodi pepala lokha lingasinthe kanthu? Mu 1959 katswiri wa za maganizo a anthu, Frederick Herzberg, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 m'dera la Pittsburgh kuti afotokoze nthawi imene anasangalala kwambiri pantchito ndi nthawi imene anaipidwa. Pa nthawi zosangalatsa, zimene zinkatchulidwa kawirikawiri zinali kukwanitsa ntchito yooneka ndi kuyamikiridwa chifukwa cha ntchitoyo. Pa nthawi zoipa ankatchula kwambiri malamulo a kampani, kayendetsedwe kake ndi mabwana, ndipo malipiro iye anawaika m'gulu lomweli la zinthu zimene zikasokonekera zimakhumudwitsa. Akatswiri ena anatsutsa kafunsidwe kake, koma phunziro limodzi likugwirabe: kuyamika ndi malipiro ndi zinthu ziwiri, china sichilowa m'malo mwa chinzake. Wantchito amene malipiro ake achedwa miyezi iwiri akalandira kalata yokoma amaiona ngati chipongwe.

Pa nkhani ya ndalama kalata inene zenizeni. Bonasi ndi gawo la malipiro ndipo bungwe lotolera misonkho la MRA limadulapo msonkho, ndiye munthu amene wawerenga K300,000 n'kulandira yoperewera amaganiza kuti wina waidya ngati sanauzidwiretu. Mawu ngati akuti tsogolo lanu pano ndi lowala, kapena tikuganizirani pa udindo wina, asalowemo pokhapokha ngati nkhaniyo yavomerezedwa kale. Bwana amawalemba mongokometsa, koma wantchito amawasunga ngati lonjezo.

Kalatayi imakhalanso ndi moyo wautali kuposa mmene woilemba amaganizira. Lamulo la zolembana ntchito la 2000 m'Malawi limati munthu akasiya ntchito apatsidwe satifiketi yosonyeza kumene ankagwira, nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake, koma satifiketiyo siinena za kagwiridwe kake ka ntchito pokhapokha mwini wake atapempha. Choncho kalata yokhala ndi deti, manambala ndi siginecha ndi umboni umene wantchito angauonetse pofunsira ntchito kwina kapena popempha kukwezedwa, ngakhale bwana amene anailemba atachoka kalekale.

Mbali inayo ndi yoti lamulo lomwelo limafuna kuti wolemba ntchito akachotsa munthu akhale ndi chifukwa chomveka, amupatse mpata wodziteteza, ndipo nkhani ikafika kukhoti loona za milandu ya pantchito, ndi iyeyo amene ayenera kusonyeza chifukwacho. Kampani imene inalemba mu Okutobala kuti Mayi Uje ndi chitsanzo pa zonse, kenako n'kuwachotsa mu Januwale ponena kuti ntchito sakuitha, idzafunsidwa kuti chasintha n'chiyani m'miyezi itatu. Kalata imene inanena za makatoni, magolosale ndi ngongole za Julayi mpaka Seputembala ilibe vuto limeneli, chifukwa inachitira umboni zinthu zimene zili m'mabuku, pa miyezi yotchulidwa. Ngati mayiyu ali ndi vuto lina, monga kuchedwa kupereka malipoti, limenelo lisabisidwe m'kalata yothokoza ndi kamawu koti "komabe". Likambidwe tsiku lina, ndipo ngati pafunika kulemba, lilembedwe pa pepala lakelake.