Phunziro: Kalata Yopita kwa Mwininyumba

Koperativa yathu ilibe nkhokwe yakeyake. Timachita lendi nyumba ya malata kufupi ndi msika wa Ulongwe. M'menemo timasungamo mbewu ya chimanga ndi matumba 40 a fetereza. Mvula ya chizimalupsa itagwa, denga lidadontha ndipo matumba 3 adanyowa. Fetereza akanyowa amaundana ngati mwala. Mbewu ikanyowa imachita chuku, siimera bwino.

Mlembi wathu, amene adaphunzira kulemba chaka chatha, adalemba kalata iyi ali wokwiya:

"Iwe mwininyumba. Nyumba yako likudontha. Malata awiri yabooka. Ndidzakuuza mwezi watha koma sumva. Ndiwe wakuba. Konza msanga, apo ayi sitilipira."

Madandaulo ake ngoona. Koma kodi munthu wolandira kalata yotere angakwere padenga? Tiyeni tiikonze pamodzi.

Tiyambe ndi kugwirizana kwa mawu. Dzina ndi mneni zimayendera limodzi ngati ng'ombe ziwiri pa goli. Timati denga likudontha, koma nyumba ikudontha. Timati lata labooka, koma malata abooka. Werengani kalata yanu mokweza. Khutu lidzamva pamene mawu akutsimphina.

Onaninso nthawi. "Ndidzakuuza" ndi za m'tsogolo. "Ndidakuuza" ndi za kale. Chilembo chimodzi chokha, z, chasintha nkhani yonse. Mwininyumba angathe kunena kuti, "Mwalemba nokha kuti simunandiuze."

Tsopano ulemu. Munthu wamkulu sitimuti iwe, timati inu. Sitilemba "konza", timalemba "tikupempha kuti mukonze". Ndiponso nyumbayi sakuchita lendi mlembi yekha, ndi gulu lonse. Choncho talemba "tidakuuzani", osati "ndidakuuza".

Mawu akuti "ndiwe wakuba" tawachotsa. Chipongwe sichitseka bowo la lata. Mwininyumba angasiye nkhani ya denga n'kuyamba mlandu wa kutukwanidwa. Tachotsanso mawu akuti "sitilipira". Tikaleka kulipira patokha, olakwa tikhala ife, ndipo iye apeza chifukwa chotitulutsira mvula ili pakati.

Nanga mphamvu ya kalata ichokera kuti? Ichokera ku zinthu zowerengeka: chaonongeka n'chiyani, tidanena liti, tikufuna chiyani, pofika tsiku liti. "Msanga" si tsiku. Kwa ife ndi mawa, kwa iye ndi mwezi wamawa.

Nayi kalata yokonzedwa:

Ulongwe, 20 Okutobala 2024

Okondedwa Bambo,

Tikukupatsani moni ife a koperativa amene tikuchita lendi nyumba yanu ya kufupi ndi msika.

Talemba kalatayi kukudziwitsani kuti nyumbayi ikudontha. Malata awiri a mbali ya kum'mawa abooka. Tidakuuzani pakamwa pa 15 Sepitembala, koma mpaka lero sanakonzedwe. Mvula ya pa 18 Okutobala yanyowetsa matumba 3 a fetereza.

Lendi talipira mpaka kutha kwa mwezi uno, ndipo malisiti tili nawo.

Tikupempha kuti mukonze dengali pasanafike pa 5 Novembala, mvula yodzalira isanayambe. Ngati simungathe, tiloleni molemba kuti tigule malata awiri ndi misomali, tichotse mtengo wake pa lendi, tikuonetseni malisiti. Likakwana tsikuli popanda yankho, nkhaniyi tidzaitengera kwa atsogoleri a dera lathu kuti atiunikire.

Zikomo kwambiri.

Ndife anu,
Tcheyamani ndi Mlembi

Onani, abale. Mulibe mawu otukwana, koma mulibenso pothawira. Tatchula malisiti kusonyeza kuti mbali yathu tachita. Tamupatsa njira ziwiri, asankhe yekha. Mawu akuti "molemba" ndi ofunika, chifukwa chilolezo cha pakamwa chimaiwalika pa tsiku lolipira. Tanenanso chimene tidzachita akakhala chete, ndipo ndi chinthu chimene tingachitedi.

Lembani makalata awiri ofanana. Popereka pitani anthu awiri. Mwininyumba asaine pa kalata yotsala ndi kulembapo tsiku limene walandira. Imeneyo muisunge m'buku la koperativa. Podikira yankho, chotsani matumba pamalo podontha, muwasanje pa mitengo, osati pa dothi, ndipo asagunde khoma.

Ntchito yoti muchite

1. Konzani: "Chitseko lathyoka." "Mazenera ikusweka." "Khoma yang'ambika."
2. Kodi "tidalipira" ndi "tidzalipira" zikusiyana bwanji?
3. Lembani mwaulemu: "Bwera udzaone chitseko chako."
4. Awiriawiri, lembani kalata yopempha kuti loko wa nkhokwe akonzedwe. Musaiwale tsiku.